Kabokosi koyamba kudetsa mu nonogaramu

Makolo ambiri mwakhala mukuona m'makope a ana anu timabokosi tojambulidwa ndi rula, manambala atandandalikidwa kumanzere ndi pamwamba, tina tili bii, tina tili ndi kadontho pakati. Ena mwa inu mwatifunsa ngati amenewa ndi masamu a pasilabasi. Akuluakulu ena a komiti afunsa mosapsatira ngati si masewera a mwayi, monga aja akutha ndalama za achinyamata m'misika. Funsoli ndi lomveka, ndipo ife a kalabu ya masamu taona kuti yankho labwino ndi kukuonetsani mmene timayambira. Masewerawa amatchedwa nonogaramu. Poyambira pake penipeni, pepala lisanadetsedwe ngakhale pamodzi, ndi pomwe pamaonekera bwino kuti mwayi ulibe mbali. Pamakhala timabokosi tina tomwe munthu angathe kudetsa mosakayika pongowerenga manambala a m'mbali, ndipo pamakhala tina tomwe ayenera kutisiya kaye ngakhale mtima ukumukakamiza.

Masewerawa anachokera ku Japan. Mu 1987 mayi wina wotchedwa Non Ishida anapambana mpikisano mumzinda wa Tokyo popanga chithunzi ndi magetsi a m'mawindo a nyumba yaitali yosanjikizana, ena oyatsa, ena ozimitsa. Pa nthawi yomweyo katswiri wina wa masewera oganiza, Tetsuya Nishio, anatulukira payekha maganizo ofanana. Ku Britain, James Dalgety ndiye anawapatsa dzina lochokera ku dzina la mayi uja, ndipo nyuzipepala ya The Sunday Telegraph inayamba kuwasindikiza mlungu uliwonse mu 1990. Kampani ya Nintendo inawaika m'makina ake a masewera mu 1995 pansi pa dzina la Mario's Picross. Kuno ku Kapichi sitidikira nyuzipepala kapena makina. Mmodzi wa ife amajambula chithunzi chake mobisa, n'kuwerenga manambala, n'kuwalemba pabolodi, ndipo ena tonse timakopera.

Malamulo ake ndi ochepa. Mzere uliwonse, wopingasa kapena wotsika, uli ndi manambala ake. Nambala iliyonse ikunena za gulu la timabokosi takuda togundizana. Ngati pambali pa mzere palembedwa 4 3, ndiye kuti mumzeremo muli gulu la timabokosi 4, kenako gulu la timabokosi 3, motsatana momwemo, ndipo pakati pa magulu awiriwa pali mpata wa kabokosi koyera kamodzi kapena kuposerapo. Manambalawo sanena pomwe gulu likuyambira, ndipo ntchito yonse yagona pamenepo. Kabokosi komwe tatsimikiza kuti n'kakuda timakadetsa. Komwe tatsimikiza kuti n'koyera timakaika kadontho. Komwe sitinadziwe timakasiya kopanda kanthu.

Kuyamba bwino kuli ndi phindu lalikulu kwa ife chifukwa cha mmene timagwirira ntchito. Kujambula timabokosi 100 ndi rula n'kukopera manambala a mizere 20 kumatenga nthawi. Ambiri timagwiritsa ntchito bolopeni, poti pensulo ndi labala sizikhalitsa m'thumba la mwana wa sukulu, ndipo kabokosi kodetsedwa ndi bolopeni sikafufutika. Kope nalonso ndi la ndalama za makolo. Choncho kabokosi kamodzi kodetsedwa mongoganizira kamatha kuwononga tsamba lonse, ndipo choipa kwambiri n'chakuti kulakwako sikuonekera nthawi yomweyo. Kumadzatulukira patsogolo, m'mzere wina wakutali, munthu atamanga kale zambiri pamwamba pake. Lamulo lathu m'kalabu ndi lakuti bolopeni isagunde kabokosi mpaka mwini wake atatha kufotokozera mnzake chifukwa chomwe kabokosiko sikangakhale koyera.

Tiyambe ndi mzere wa timabokosi 10 womwe uli ndi nambala imodzi yokha, 8. Taganizani za chipinda chopapatiza chotalika mapazi 10 ndi mphasa yotalika mapazi 8. Mutha kuikokera mphasayo mpaka igunde khoma la kumanzere, kapena mpaka igunde la kumanja, kapena kuisiya pakatikati. Koma ngakhale muisunthe bwanji, pali malo ena pakati pa chipindacho omwe mphasa imawaphimba nthawi zonse. Gulu la 8 likakankhidwira kumanzere limatenga kabokosi ka 1 mpaka ka 8. Likakankhidwira kumanja limatenga ka 3 mpaka ka 10. Timabokosi ta 3 mpaka 8 tili mkati mwa gululo mbali zonse ziwiri, ndipo malo ena alionse omwe gululo lingakhale ali pakati pa malire awiriwa. Timabokosi 6 timeneti timatidetsa nthawi yomweyo. Ta 1, 2, 9 ndi 10 timatisiya.

```
kumanzere   # # # # # # # # . .
kumanja     . . # # # # # # # #
tidetse     ? ? # # # # # # ? ?
```

Kujambula mizere iwiri yoyeserera pa mzere uliwonse kungatimalizire pepala, choncho timawerengera m'mutu. Timachotsa 8 mu 10 n'kutsala ndi 2. Nambala imeneyi timaitcha chotsala, ndipo ndi yomwe imatiuza kuti gulu lingathe kusuntha ndi timabokosi tingati. Gulu la 8 lomwe lingasunthe ndi 2 limatisiyira timabokosi 6 totsimikizika. Mumzere womwewo wa 10, gulu la 7 lili ndi chotsala 3, ndiye limatipatsa timabokosi 4, kuyambira ka 4 mpaka ka 7. Gulu la 6 lili ndi chotsala 4 ndipo limatipatsa 2 tokha, ka 5 ndi ka 6. Gulu la 5 lili ndi chotsala 5, ndipo silitipatsa kanthu: lingathe kukhala mu 1 mpaka 5, kapena mu 6 mpaka 10, osagawana kabokosi n'kamodzi komwe. Apa ndi pomwe pali malire. Mzere wa nambala imodzi umapereka kanthu pokhapokha nambalayo ikapitirira theka la kutalika kwa mzerewo. Theka lenileni silikwanira, ngakhale diso limafuna kwambiri kudetsa pakati.

Mizere yambiri imakhala ndi manambala angapo, ndipo maganizo ndi omwewo, kungoti mipata nayonso iyenera kuwerengedwa. Titenge 4 3 mumzere wa 10. Magulu awiriwa akapanikizana momwe angathere amafuna timabokosi 4, mpata umodzi, ndi timabokosi 3, zonse pamodzi 8. Chotsala ndi 2. Gulu lililonse lingathe kusuntha ndi timabokosi 2 basi, choncho gulu la 4 limatipatsa timabokosi 2 ndipo gulu la 3 limatipatsa kamodzi. Kuti tipeze malo ake, timawerenga kuchokera kumanzere ngati magulu onse apanikizana. Gulu la 4 lili pa 1, 2, 3, 4. Timalumpha timabokosi 2 toyamba n'kudetsa totsalato, ka 3 ndi ka 4. Ka 5 ndi mpata. Gulu la 3 lili pa 6, 7, 8. Timalumphanso 2 toyamba n'kudetsa ka 8. Njira yonse ndi imeneyi: panikizani magulu kumanzere, ndipo pa gulu lililonse lumphani timabokosi tochuluka monga chotsala, n'kudetsa tomwe tatsala m'gululo.

Mzere womwewu wa 4 3 uli ndi msampha womwe umabutsa mkangano nthawi iliyonse tikalandira anzathu atsopano a Fomu 1. Taonani mizere iwiri yoyeserera ili m'munsiyi. Kabokosi ka 6 n'kakuda magulu akakhala kumanzere, ndipo n'kakudanso akakhala kumanja. Pamakhala wina wofunsa kuti nanga kameneka tikukasiyiranji, popeza kadetsedwa mbali zonse ziwiri monga ka 3 ndi ka 4.

```
malo        1 2 3 4 5 6 7 8 9 10
kumanzere   A A A A . B B B . .
kumanja     . . A A A A . B B B
tidetse     ? ? # # ? ? ? # ? ?
```

Yankho limaoneka tikapatsa gulu lililonse chilembo chake. Pamzere wa kumanzere, ka 6 n'ka gulu B. Pamzere wa kumanja, n'ka gulu A. Magulu awiriwa sanamangiriridwe pamodzi ngati ng'ombe za pangolo. A angathe kukhala kumanzere kwenikweni, pa 1 mpaka 4, pomwe B wapita kumanja kwenikweni, pa 8 mpaka 10, ndipo manambala 4 3 akhala atakwaniritsidwa ka 6 kali koyera. Chitsanzo chimodzi chokhachi chimathetsa mkangano. Kusanjikizana komwe timakhulupirira n'kwa gulu ndi mwini wake: A pa A, B pa B. Njira yolumpha ija imatiteteza ku msamphawu payokha, chifukwa imayang'ana gulu limodzi pa nthawi imodzi. Amene amagwamo kawirikawiri ndi amene amajambula mizere iwiri n'kudetsa paliponse pomwe aona mdima pamwamba ndi pansi.

Tikakwera kupita ku zithunzi zazikulu, masamu sasintha. Mzere wa timabokosi 15 wokhala ndi 5 1 4 umafuna 5, 1 ndi 4, zomwe ndi 10, kuphatikizapo mipata iwiri, zonse 12. Mipata nthawi zonse imachepa ndi umodzi poyerekeza ndi kuchuluka kwa magulu. Chotsala ndi 3. Gulu la 5 limapereka timabokosi 2, ka 4 ndi ka 5. Gulu la 1 silipereka kanthu chifukwa ndi laling'ono kuposa chotsala, koma malo ake timawawerengabe: mpata pa 6, gululo pa 7, mpata wina pa 8. Gulu la 4 likuyambira pa 9 n'kuthera pa 12, ndiye tikalumpha timabokosi 3 timadetsa ka 12 kokha. Munthu akaiwala mpata umodzi powerenga, chotsala chimakula ndipo malo a magulu akutsogolo amasuntha. Pofuna kudzitsimikizira, timawerenganso kuchokera kumanja. Gulu la 4 likagunda khoma la kumanja lili pa 12 mpaka 15, ndipo ka 12 ndi komwe kakugwirizana ndi zomwe tinapeza poyamba. Mbali ziwirizi zikapereka timabokosi tosiyana, timadziwa kuti kuwerenga kwasokonekera penapake, bolopeni isanagunde pepala.

Pali mizere ina yomwe ndi mphatso. Chotsala chikakhala 0, palibe chosuntha. Mzere wa 10 wokhala ndi 3 2 3 umafuna 3, 2, 3 ndi mipata iwiri, zonse 10 ndendende, choncho timaudzaza wonse n'kuika madontho pa 4 ndi pa 7. Mzere wolembedwa 0 nawonso ndi wodziwika kale, wonse ndi madontho. Kupatula mizere ya mitundu iwiriyi, kuwerenga koyambirira kumatipatsa timabokosi takuda tokha, osati madontho. Mfundoyi ndi yofunika kuigwira, chifukwa chotsala chikakhala 1 munthu amafuna kuika kadontho pamalo a mpata. Koma mpata nawo umasuntha limodzi ndi magulu. Mu 1 7 wa mumzere wa 10, ka 2 kangakhale mpata kapena kangakhale gulu la 1, ndipo ka 3 kangakhale mpata kapena chiyambi cha gulu la 7. Kadontho kolakwika kamawononga chimodzimodzi ndi kabokosi kodetsedwa molakwika.

Tsopano tiyese zonsezi pa chithunzi chathunthu cha timabokosi 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, chomwe tinapanga m'kalabu mwathu. Mutha kuchikopera pomwe mukuwerenga. Manambala a mizere yopingasa, kuchokera pamwamba, ndi a mizere yotsika, kuchokera kumanzere, ndi awa:

```
yopingasa  3 | 1 1 | 1 1 1 | 5 1 | 7 2 | 9 | 8 | 7 | 7 | 5
yotsika    5 | 9 | 1 7 | 1 8 | 1 7 | 9 | 5 | 2 | 2 | 2
```

Tisanayambe timaphatikiza manambala onse a mizere yopingasa, n'kuphatikizanso onse a yotsika. Kabokosi kakuda kalikonse kamawerengedwa kamodzi mumzere wopingasa ndi kamodzi mumzere wotsika, choncho mayankho awiriwa ayenera kufanana. Pano onse ndi 59. Akanasiyana, tikanadziwa kuti nambala ina yasowa kapena yasintha pokopera, zomwe zimachitika mosavuta choko chikafufutika kapena munthu akakhala pabenchi la kumbuyo. Kuphatikiza kumeneku kumatenga mphindi imodzi, ndipo kumapulumutsa ola lonse lolimbana ndi chithunzi chomwe sichingatheke.

Sitiyambira pamzere woyamba chifukwa chongoti uli pamwamba. Timayendetsa maso pa manambala onse kufunafuna mizere yolemera, ndipo pa uliwonse timafunsa funso limodzi: kodi nambala yaikulu kwambiri mumzerewu ikuposa chotsala? Mzere wopingasa woyamba uli ndi 3, chotsala 7, timaudutsa. Wachiwiri uli ndi 1 1, ukufuna malo 3, chotsala 7, timaudutsa. Wachitatu, 1 1 1, ukufuna malo 5, chotsala 5, timaudutsanso. Wachinayi uli ndi 5 1, ukufuna malo 7, chotsala 3, ndiye gulu la 5 likutipatsa ka 4 ndi ka 5. Wachisanu ndi mphatso: 7 2 ndi mpata wake zikukwana 10, choncho timadetsa 1 mpaka 7, kadontho pa 8, n'kudetsa 9 ndi 10. Mzere wa 6 uli ndi 9, chotsala 1, timadetsa 2 mpaka 9. Mzere wa 7 uli ndi 8, timadetsa 3 mpaka 8. Mizere ya 8 ndi 9 ili ndi 7, timadetsa 4 mpaka 7 mu uliwonse. Womaliza uli ndi 5, theka lenileni, ndiye timausiya. Mizere yopingasa yokha yatipatsa timabokosi 33.

Kenako timatembenukira ku mizere yotsika, ndipo timaiwerenga ngati kuti pepala likadali loyera, kuwerenga kuchokera pamwamba m'malo mwa kumanzere. Woyamba ndi wa 7 ili ndi 5, sipereka kanthu. Itatu yomaliza ili ndi 2, nayonso timaidutsa. Wachiwiri ndi wa 6 ili ndi 9, choncho timadetsa kuyambira kabokosi ka 2 mpaka ka 9 kutsika. Wachinayi uli ndi 1 8, zomwe ndi mpata wake zikukwana 10: kabokosi ka pamwamba n'kakuda, kachiwiri n'kadontho, ndipo kuyambira ka 3 mpaka pansi n'takuda. Wachitatu ndi wachisanu ili ndi 1 7, ikufuna malo 9, chotsala 1. Gulu la 7 likapanikizidwira kumwamba lili pa 3 mpaka 9, ndiye tikalumpha kamodzi timadetsa 4 mpaka 9. Gulu la 1 silikuposa chotsala, timalisiya.

Pamene tikudetsa mizere yotsikayi timakumana ndi timabokosi tomwe tinadetsa kale pa ulendo woyamba. Imeneyi si ntchito yobwereza pachabe, ndi umboni wachiwiri. Chomwe timasamala nacho ndi kugundana: mzere wotsika ukafuna kudetsa pomwe mzere wopingasa unaika kadontho, timaima pomwepo n'kubwerera ku manambala, chifukwa umodzi mwa mizere iwiriyo wawerengedwa kapena wakopedwa molakwika. M'chithunzi chathuchi palibe kugundana, ndipo maulendo awiriwa akatha pepala limaoneka chonchi, pomwe x akuimira kadontho:

```
? ? ? # ? ? ? ? ? ?
? # ? x ? # ? ? ? ?
? # ? # ? # ? ? ? ?
? # # # # # ? ? ? ?
# # # # # # # x # #
? # # # # # # # # ?
? # # # # # # # ? ?
? # # # # # # ? ? ?
? # # # # # # ? ? ?
? ? ? # ? ? ? ? ? ?
```

Mukawerenga mupeza timabokosi takuda 48 mwa 59 tomwe chithunzicho chikufuna. Palibe n'kamodzi komwe kadetsedwa chifukwa chooneka bwino kapena chifukwa chakuti tikuganizira chomwe chikujambulidwa. Kalikonse kali ndi chifukwa chake chomwe chingalembedwe m'masamu ochotsera a ku pulayimale. Anthu awiri okhala m'makalasi osiyana, osaonerana, ayenera kufika pa timabokosi 48 tomweti. Akasiyana, mmodzi walakwitsa kuwerenga ndipo malo ake angathe kupezeka.

Chithunzi chomwechi chikuonetsanso mtengo wa kungoganizira. Mzere wa pamwamba uli ndi 3, ndipo kabokosi kake ka 4 n'kakuda kale. Munthu wofulumira angaone kuti gululo likuyenera kukhala chapakati n'kudetsa 4, 5 ndi 6. Mzere umenewo sudandaula, poti uli ndi timabokosi 3 togundizana monga unapemphera. Mzere wotsika wa 6 nawonso sudandaula, poti gulu lake la 9 lakwana kuyambira pamwamba. Vuto limakatulukira mumzere wotsika wachitatu, womwe munthuyo sanaugwire n'komwe. Mzerewu ukufuna gulu la 1 pamwamba pa gulu la 7. Kabokosi kake ka pamwamba katsekedwa chifukwa mzere woyamba wadzadza, ndipo kachiwiri ndi kachitatu n'toyera chifukwa mizere yopingasa yachiwiri ndi yachitatu yakwana kale. Gulu la 1 lasowa pokhala. Chizindikiro cha kulakwa nthawi zambiri ndi chimenechi, gulu lopanda malo, kapena mzere wokhala ndi timabokosi takuda toposa manambala ake. Koma chizindikirocho sichinena komwe kulakwa kunayambira, ndipo m'chithunzi chachikulu kukufufuza n'kovuta kuposa kuyambiranso.

Njira yoyambirayi ili ndi malire ake, ndipo n'kwabwino kuwadziwa kuti munthu asataye mtima. Chithunzi chathuchi chili ndi thupi lonenepa, n'chifukwa chake chapereka zambiri. Zithunzi za mizere yopyapyala, zodzadza ndi 1 ndi 2, zimapereka timabokosi towerengeka chabe, mwina m'mizere iwiri kapena itatu yokha. Zikatero sikuti njira yalephera. Timadetsa tochepa tomwe tapezeka n'kuona zomwe tikuuza mizere yodutsana nato. Palinso zithunzi zopangidwa molakwika, zomwe manambala ake amalola mayankho awiri. Chitsanzo chaching'ono ndi timabokosi 4, mizere iwiri yopingasa ndi iwiri yotsika, yonse yolembedwa 1. Takudato tingathe kupendekera uku kapena uko, ndipo manambala sangasankhe. N'chifukwa chake aliyense wopanga chithunzi m'kalabu mwathu amachipereka kaye kwa mnzake yemwe sanachione kuti achimalize popanda kungoganizira, chisanalembedwe pabolodi.

Kuwerenga chotsala sikuthera pa chiyambi. Kadontho kakaikidwa kumapeto kwa mzere, mzerewo umafupika ndipo masamu aja amabwereranso. Gulu la 5 mumzere wa 10 silinatipatse kanthu. Koma tikadzapeza kuti kabokosi koyamba ndi komaliza n'toyera, malo otsala ndi 8, chotsala chatsika kufika pa 3, ndipo timabokosi 2 ta pakati tatsimikizika. N'chifukwa chake sitinyozera madontho ngakhale saoneka m'chithunzi chomalizidwa. Chiphaliwali cha nyengo ya dzinja chikatitsekera m'kalasi, ambiri timafulumira kudetsa n'kumaliza, koma amene amamaliza opanda chofufuta ndi amene amaika kadontho paliponse pomwe mzere wakwana.

Timabokosi 11 tatsala tikukusiyirani, ndipo poyambira pake ndi apa. Mizere yopingasa yachiwiri ndi yachitatu yakwana kale, choncho ikani madontho m'timabokosi take tonse totsala. Mukatero yang'anani mzere wotsika wachitatu: gulu la 1 latsala ndi malo amodzi okha, ndipo gulu la 7, lomwe silingathenso kukwera, liyenera kutsika mpaka pansi. Mzere wotsika wachisanu uli chimodzimodzi. Zimenezi zikwaniritsa mzere wa pamwamba, ndipo zidzakuuzani komwe magulu awiri a 9 akuthera. Kuchokera pamenepo mzere uliwonse umatsegula unzake mpaka kabokosi komaliza, kamene kali kumanja kwenikweni kwa mzere wopingasa wachinayi. Chomwe chituluke ndi chiwiya chomwe chimakhala pamoto m'mawa uliwonse m'nyumba za kuno ku Thyolo, chokhala ndi chogwirira pamwamba ndi mlomo kumanja. Kwa amene mumalize, bweretsani tsamba lanu ku kalabu, ndipo mudzatiuze kabokosi komwe munadetsa koyamba ndi chotsala cha mzere wake.